Anthu akuthawa pa chithunzi chachiwiri

"Karoselo yanga, positi ya pa intaneti ya zithunzi 8 zoona motsatizana, anthu amaiseva, koma ambiri safika kumapeto. Ndisinthe chiyani?"

Yambani ndi kuwerenga omwe aona chithunzi chilichonse, ngati pulogalamu yomwe mumagwiritsa ntchito imaonetsa zimenezi. Tiyerekeze kuti choyamba achiona anthu 1,000, chachiwiri 600, chachitatu 250. Vuto lili pa chachiwiricho, poti oposa theka la omwe achiona sanapitirire: mwina mwangobwereza mutu, kapena mawu achuluka. Ulendo wamawa ikanipo mfundo yeniyeni pomwepo, malonje ayi.

Kenako gawani chiwerengero cha oseva ndi chiwerengero cha onse omwe positiyo yawafikira, muyerekeze ndi makaroselo anu akale, osati a eni ake.

Oseva akachuluka koma ogawira anzawo n'kuchepa, nkhaniyo ndi yothandiza, koma ilibe chiganizo chimene munthu angatumizire mnzake. Musinthe chinthu chimodzi chokha, apo ayi simudziwa chomwe chagwira ntchito.