"Lero watisautsa": nthabwala yomwe mphwanga anaimva ngati chidzudzulo

Mphwanga amamva mawu monga momwe anenedwera. Tsiku lina ataphika nsima yabwino, ndinamuuza nkhope ili gwa kuti, "Iwe, lero watisautsa, nsima ngati phala!" Sanaseke. Mawa lake anaphika yolimba ngati mwala, osandiyankhula.

Vuto linali langa: nthabwala yonena zosemphana ndi zoona imadalira nkhope ndi kamvekedwe ka mawu, zomwe iye sazigwira msanga. Tsopano ndimayamba ndaseka, n'kukokomeza mpaka zosatheka, monga "nsima iyi ingadzutse agogo kumanda." Ndikaona wangoti duu, ndimanena pomwepo kuti "ndikungocheza," osadikira mawa. Zonyoza kaphikidwe kake ndinasiyiratu, chifukwa pamenepo m'pomwe amadzikayikira. Dzulo wandiyamba yekha, akuti ndimadya ngati ndabwereka m'mimba.