Basela wa aliyense akudya mpamba wa magolosale

Chiyambireni kugulitsa soya ndi mtedza chaka chino, ndayenda m'magolosale angapo a anthu amene timawalangiza pa nkhani za bizinesi zing'onozing'ono, ndipo pafupifupi paliponse ndapeza katoni yodula atayikhoma pakhomo, yolembedwa ndi makala kapena choko: shuga watsika. Wina watsitsa sopo, wina akuwonjezera basela wa machesi kwa aliyense wogula. Ndikafunsa chifukwa, yankho ndi limodzi: ndalama zili m'mudzi, tikufuna tikokere anthu kuno. Ndikafunsanso kuti anthu ake ati, mwini golosale amandiyang'ana ngati ndamufunsa mwambi. Akuti kasitomala ndi kasitomala.

Cholakwika chagona pomwepo, ndipo sichotchipa ayi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi mitengo yongoyerekeza popeza mitengo ya masiku ano sigona. Belo la shuga lili ndi mapaketi 20. Tinene kuti mwapikula pa K56,000, mwalipira K1,000 ya thiransipoti, ndipo paketi mukugulitsa K3,000. Belo likatha muli ndi K60,000, phindu lanu ndi K3,000. Tsopano mwakhoma katoni ija, paketi yafika pa K2,900. Kwa wogula, K100 ndi kandalama kosakwana ndi mandasi omwe. Kwa inu, belo lija latulutsa K58,000, phindu latsala K1,000. Kuti mupeze K3,000 imene mumapeza kale, muyenera kugulitsa mabelo atatu m'malo mwa limodzi. Kodi mudzi wanu wayamba kumwa tiyi katatu kuposa kale chifukwa cha katoni yanuyo? Banja limene limatha paketi imodzi pa sabata lizithabe paketi imodzi pa sabata. K100 mwangolipatsa, ndipo likanagula ndithu ngakhale mukanapanda kutsitsa.

Ndiye onani amene walandira K100 ija. Walandira munthu wotsika minibasi amene simudzamuonanso. Walandira mphunzitsi amene watenga shugayo pa ngongole, adzalipira mwezi ukatha, kutanthauza kuti mwamutsitsira mtengo ndi kumubwereka mpamba wanu nthawi imodzi. Waganyu amene amagula shuga wa m'timapepala sanalandire kanthu, chifukwa paketi yathunthu saikwanitsa. Ndipo munthu amene amasungadi golosale yanu mwamupatsa chimodzimodzi ndi wodutsa uja.

Ndinaziona bwino izi pa golosale ina ya mnyamata amene anayamba bizinesi ndi ndalama za mtedza zaka ziwiri zapitazo. Sinditchula dzina. Pafupi naye pali mayi wina wokazinga mandasi, amene m'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, ankabwera kudzagula fulawa, mafuta, shuga ndi yisiti, ndalama pamanja. Titakhala pansi n'kuwerenga, tinapeza kuti pa katundu wa mayiyu mnyamatayo ankatsala ndi phindu la pafupifupi K1,500 tsiku lililonse. Masiku 26 ndi K39,000 pa mwezi, kuchokera kwa munthu mmodzi. Mphunzitsi amene mnyamatayo ankamutcha kasitomala wamkulu, amene ankamulandira ndi manja awiri n'kumupatsa mpando, ankatenga katundu wa K60,000 pa mwezi, phindu lake ngati K6,000, komanso pa ngongole. Sindikunena kuti mphunzitsiyo ndi woipa. Koma pa mpando paja pankayenera kukhala ndani?

Mwezi wa Meyi mnyamatayu anaika mpamba wambiri mu shuga kuti katoni yake isachite manyazi. Ndalama zina zinali m'kope la ngongole. Chigubu cha mafuta cha malita 20 chitatha analibe yokapikulira china. Mayi a mandasi anabwera m'mamawa, mtanda atakanda kale usiku, n'kuuzidwa kuti mafuta abwera mawa. Sabata yotsatira zinachitikanso. Kachitatu sanabwerenso. Anapeza golosale ina kumsika, ndipo popeza munthu sagula mafuta uku fulawa uko, zonse anasamutsira komweko. Mnyamatayo sanazindikire msanga, chifukwa sitolo inkadzaza anthu ogula shuga wotchipa. Phokoso linalipo, ndalama m'kabati zikucheperachepera.

Tikuwerenga choncho, pabenchi panja panali madala ena, mlimi wa ng'ombe za mkaka, akumwa chakumwa chawo mwakachetechete. Anatidula mawu. Anati, "Alangizi, zimenezo ndi za ine ndendende." Akuti atangoyamba ulimiwo anali ndi ng'ombe ziwiri, ina yokamidwa, ina youma, ndipo gaga ankagawa mofanana, beseni uku beseni uku, poopa kuti ina ingadandaule. Youmayo inanenepa mpaka anthu odutsa kuiyamikira, yokamidwayo nthiti zikuwerengeka, mkaka wopita nawo kubaliki, kumene alimi amagulitsa mkaka wawo, ukutsika sabata ndi sabata. Akuti anafika pokayikira mnansi wawo kuti waiponda ng'ombeyo, mpaka mayi a kunyumba ndi amene anawafunsa kuti kodi gaga amene akudya yonenepayo akubweza chiyani. Kenaka madalawo anayamba kutifotokozera za mtengo wa gaga ndi za mwana wawo amene safuna kumweta nsenjere, ndipo tinachedwa nawo ndithu. Mnyamata uja anaseka nawo, koma ndinaona kuti mawuwo amulowa kuposa masamu anga onse.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti eni magolosale anthu awo amawadziwa kale. Mumadziwa amene amabwera tambala atangolira, amene amatuma mwana ndi kapepala, amene amaoneka pa 27 pokha. Mumadziwa ndi matenda a m'nyumba zawo omwe. Koma ikafika nkhani ya mtengo, ngongole ndi basela, nzeru zonsezo mumaziika pansi pa kauntala n'kuyamba kuchita zimene ankachita amalume anu m'hokala yawo: wolira kwambiri ndiye apatsidwe, wachibale asakanizidwe, wovala bwino apatsidwe ulemu. Ena mumati kusiyanitsa anthu ndi tsankho. Tsankho ndi kuyang'ana nkhope ya munthu kapena mtundu wake. Ine ndikunena za kuyang'ana kagulidwe kake, ndipo kagulidwe kamasiyana chifukwa zosowa zimasiyana.

Mayi a mandasi, a tiyirumu ndi a kanyenya sagula kuti akadye, amagula kuti akagulitse. Iwowa K100 amaiwerenga, chifukwa imabwerezedwa tsiku ndi tsiku, koma chimene amaopa koposa ndi kupeza katundu palibe kapena chitseko chili chotseka pamene moto ayatsa kale. Wolandira pamwezi mtengo saukangana kwenikweni. Vuto lake ndi masiku khumi omaliza a mwezi, ndiye chimene akufuna kwa inu ndi kumudikira, osati kumutsitsira. Waganyu ndi wakabaza ndalama amaipeza madzulo, yochepa, ndipo akufuna mafuta a m'kachubu, kashuga ka tiyi wa mawa, sopo wodula. Pa tinthu timeneti phindu pa kilogalamu limaposa la paketi yathunthu, choncho musamupeputse. Iye chimamubweza kwa inu ndi muyezo wosabera. Wodutsa, wa tsiku la msika kapena wotsika basi, akufuna chakumwa chozizira, mayunitsi ndi chenje chachangu. Ameneyu mupatseni moni wabwino, basi. Basela amene mwamupatsa wakwera naye basi.

Ngongole ndiye ndinene pang'ono, chifukwa ndi pamene kusasiyanitsa kumapha msanga. Ngongole imayenera munthu amene tsiku lake lolandira ndalama mukulidziwa. Mlimi amene wagulitsa soya mu Meyi lero akuoneka ngati bwana, akugula belo la sopo ndi ndowa yatsopano, koma ndalama yake yotsatira yaikulu ili chaka chamawa. Mukamutsegulira tsamba m'kope mu Julayi chifukwa choti anagula zambiri mu Meyi, mudzakumana mu Febuluwale, iye alibe ufa, inu mulibe katundu, ndipo chibale chatha. Mlimi wotere muchitireni zabwino ndalama ili m'manja: akagula sopo wa miyezi itatu, muchotsereni pa katoni yathunthu. Kuchotsa kumeneko kuli ndi chobweza, chifukwa akanakagula kutauni.

Mungadziwe bwanji kuti matendawa alowa kwanu? Anthu akuchuluka koma popita kokapikula mukutenga katundu wochepa kuposa mwezi watha. Katundu wothamanga, mafuta ndi fulawa, ndi amene akuyamba kusowa pashelefu. Kope la ngongole likunenepa. Ndipo pali munthu amene ankabwera m'mawa uliwonse amene simukukumbuka kuti munamuona liti komaliza.

Zochita zake si zambiri. Tengani kope la sukulu, mulembe mizere inayi, ya ogula kukagulitsa, olandira pamwezi, ogula pang'onopang'ono ndi odutsa. Kwa masabata awiri, kuphatikizapo mapeto a mwezi ndi tsiku la msika, aliyense akagula lembani ndalama pamzere wake, ndipo ngati ndi ngongole zungulizani. Kuwerengera phindu mukudziwa kale. Kopelo likhale lanu, musalipachike. Mtengo wa pashelefu ukhale umodzi kwa aliyense, katoni ija muichotse. Kuchotsera kumangidwe pa kuchuluka kwa katundu, mwachitsanzo kuyambira malita asanu a mafuta pa sabata kapena katoni ya sopo, kuti wodandaula mumuuze kuti nayenso akafika pamenepo alandira. A mandasi muziwapatulira mafuta ndi fulawa wawo musanagulitse ena, muwafunse nthawi imene amayamba, ndipo chigubu chikafika theka kapikuleni. A pamwezi muwaikire malire a ngongole ndi tsiku lobweza, wodumpha tsiku tsamba litsekedwe kufikira atamaliza, ndipo ngongole zonse pamodzi zisafike pokulepheretsani kupikula katundu wothamanga. Kopeli mulibwerezenso mu Januwale, chifukwa ambiri amene lero akugula paketi yathunthu adzakhala atasamukira pamzere wa kachubu.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti apite yekha kunyumba kwa mayi a mandasi, asatume mwana, akawauze kuti mafuta awo azikhala atapatulidwa m'botolo kuyambira madzulo. Sabata yamawa ndidutsanso kuti ndikaone kope lake.