Momwe Mungajambulire Munthu wa Khungu Lakuda Nkhope Osazimirira

M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi mzimayi wachizungu, lomwe linkatchedwa Shirley. Wotsuka ankasintha makina mpaka khungu la mzimayiyo lioneke bwino, ndipo zithunzi zonse zinkatsukidwa pa muyeso womwewo. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia analemba mu 2009 kuti amene anadandaula mpaka kumveka anali ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, poti katundu wawo woderapo sankasiyanitsika pachithunzi. Makamera a digito oyambirira anatengera zomwezo. N'chifukwa chake pa zithunzi zakale zambiri zaukwati diresi limawala mbee, koma pankhope mumangoona maso ndi mano.

Vuto limayambira pa kachipangizo koyeza kuwala. Kamera imaganiza kuti chilichonse n'chotuwa ngati phulusa, chobweza 18 peresenti ya kuwala. Ikaona diresi loyera imachepetsa kuwala kolowa, nkhope n'kuda bii.

Choyamba, chotsani mkwatibwi padzuwa lamasana mumuike pamthunzi, monga pakhonde, atayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Dzuwa la pamutu limanyezimiritsa chipumi n'kusiya maso mumdima.

Kenako ikani kamera pa `M`, pomwe mumasankha nokha kuwala kolowa, musankhe `Spot metering`, yoyeza kuwala pa kadontho kamodzi kokha. Uzani mkwatibwi agwire khadi lotuwa lobweza 18 peresenti ya kuwala pafupi ndi tsaya, muyeze pa khadilo. Tinene kuti pa `ISO 400` ndi `f/5.6` kamera payokha imati `1/500`, koma khadi lati `1/250`. Tsatirani khadi: kuwala kolowa kwachuluka kawiri. Mukasowa khadi n'kuyeza pa tsaya lenilenilo, samalani. Kamera idzayesa kusandutsa khungulo phulusa, munthu n'kuoneka wotumbuluka ngati wadwala, choncho pa khungu lakuda kwambiri bwezani sitepe imodzi, mwachitsanzo kuchoka pa `1/125` kufika pa `1/250`.

Jambulani kamodzi muone. Ngati maluwa osokedwa pa diresi afafanizika, musafulumire kuchepetsa kuwala, chifukwa nkhope idzabwerera mumdima. Pemphani wina agwire pepala lalikulu loyera m'munsi mwa chibwano, chammbali pang'ono, pamtunda wa theka la mita. Nkhope ikawala, mutha kuchepetsa pang'ono kuti diresi lipulumuke. Pepalali limaposa fulashi yolunjika kumaso, yomwe imangosiya madontho oyera pamphuno ndi pachipumi.

Mtundu nawo musausiyire `AWB`, pomwe kamera imausankha yokha. Pamthunzi khungu limatuluka ngati labuluu; ikani `Custom WB` poyeza pa khadi lotuwa lija, ndipo jambulani mu `RAW` kuti mudzathe kukonza pambuyo.

Amene mukugwiritsabe filimu ya negativi, onjezani sitepe imodzi, imapirira. Ya silaidi ayi, diresi lidzapserera. Ndipo pokatsukitsa muuzeni wotsuka ayang'ane nkhope, osati kusiyira makina.