Mwadzuka mukuwona zinthu ziwiriziwiri? Chitani izi lero lomwe, osadikira weekendi

Ine ndimagwira ntchito ya unamwino mbali ya maso kuno ku Joni, nde anthu akwathu amakonda kundiimbira akawona zachilendo. Mwezi wathawu anandiimbira achimwene ena a zaka 56, amayendetsa kabaki kodilivala katundu, amakhala cha ku Rosettenville uko. Akuti alongo, ndikafika pa loboti ndikumawona maloboti awiri, lina apa lina pambali pake, ndipo mizere ya pansewu ikumagawikana. Ndinawafunsa kuti zayamba liti, akuti masiku 5 apitawo, anali atagula kale timagalasi towerengera ta pa shopu poganiza kuti ndi ukalamba kapena foni yachuluka. Masiku onsewo anali akuyendetsabe galimoto pa M1. Mtima wanga unagunda kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba izi.

Yambani ndi kutseka diso limodzi

Musanapange china chilichonse, yang'anani chinthu chimodzi chomwe chikuwoneka pawiricho, kaya ndi wotchi ya pakhoma kaya babu, nde mutseke diso lakumanja ndi chikhatho. Kenako tsegulani, mutseke lakumanzere. Ngati chinthucho chikuwonekabe pawiri pomwe mukuyang'ana ndi diso limodzi lokha, vuto lili mkati mwa diso limenelo, nthawi zambiri imakhala ng'ala ikuyamba, kuuma kwa diso kapena mukufunika magalasi. Zimenezo pitani nazo kwa oyeza maso, koma sizofuna ambulansi.

Koma ngati mutseka diso lililonse zinthu n'kubwerera kukhala chimodzi, mukatsegula onse awiri n'kugawikananso, apo ndiye nkhani yakula. Zikutanthauza kuti diso lililonse palokha likuwona bwino, koma awiriwa asiya kuloza malo amodzi. Diso lililonse limayendetsedwa ndi timinofu 6, ndipo timinofuto timalandira uthenga kuchokera ku ubongo kudzera mu mitsempha 3 yomwe madokotala amangoyitchula ndi manambala, wa nambala 3, wa nambala 4 ndi wa nambala 6. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ina ikafooka ngolo imakhotera kumbali. Nde funso la dokotala limakhala loti chafooketsa ng'ombeyo n'chiyani, mnofu weniweniwo, mtsempha, kapena ubongo komwe uthenga ukuchokera. Achimwene aja atatseka diso, loboti linabwerera kukhala limodzi, ndinawauza kuti ayimike galimoto pompo wina adzawatenge.

Kenako imani pa kalilole, kapena wina akuyang'aneni

Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa mpomwe pali moyo ndi imfa. Yang'anani zikope, kodi china chagwa ngati munthu wa tulo? Yang'anani kadontho kakuda kapakati pa diso, kamwanadiso kaja, pa malo owala bwino, kodi mbali zonse n'tofanana kukula? Ngati chikope chagwa, diso lapotokera kunja ndi pansi, kamwanadiso ka mbali imeneyo kakula kuposa kanzake, makamaka mutu ukuwawanso, umenewo ndi mtsempha wa nambala 3 ndipo pakhoza kukhala mtsempha wa magazi mu ubongo womwe wafufuma ngati chibaluni n'kumaupanikiza. Madokotala amati anyurizimu. Chibalunicho chikaphulika magazi amatayikira mu ubongo, munthu atha kufa tsiku lomwelo, pomwe chikapezeka msanga pa sikani amachitseka chisanaphulike. Izi sizoti mawa ndikaweruka, kaya ndi 2 koloko usiku nyamukani. Ndipo ngakhale timwanadiso tikuwoneka tofanana, chikope chogwa pamodzi ndi kuwona ziwiriziwiri musadzigamulire nokha kuti zili bho, kusiyana kwake nthawi zina kumawoneka ndi tochi ya dokotala basi.

Chimodzimodzi ngati kuwona ziwiriziwiriko kwabwera ndi chizungulire, kuyenda mwadzandidzandi ngati mwaledzera, lilime kulemera, kukamwa kupotoka, dzanzi kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo mbali imodzi. Imeneyo itha kukhala sitiroko. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi, ndipo muloweze nthawi yeniyeni yomwe zayamba, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa mkati mwa maola 4 ndi theka okha. Mutu wowawa ndi kusanza, kutentha thupi, khosi kuuma, izinso n'zothamangira, makamaka kwa amene ali ndi kachirombo ndipo anadukiza mankhwala otalikitsa moyo aja, poti matenda oumitsa khosi amakweza mphamvu ya madzi mu ubongo n'kufinya mtsempha wa nambala 6. Muwauze madokotala zoona zake za mankhwalawo, musabise.

Achimwene athu aja analibe zonsezi, zikope zili bwino, timwanadiso tofanana, akulankhula bwinobwino. Komabe ndinawauza kuti apite tsiku lomwelo, chifukwa kusakhala ndi zizindikiro zoopsa sikutanthauza kuti tadziwa chomwe chavuta.

Lembani momwe zithunzi ziwirizo zakhalira

Muli pa mzere kuchipatala kapena mu takisi, konzekerani mayankho, zimafupikitsa ntchito kwambiri. Zithunzizo zili chogundizana m'mbali, kapena china pamwamba china pansi? Zimatalikirana kwambiri mukayang'ana kuti, kumanzere, kumanja, pansi? Patali kapena pafupi? Kwa achimwene aja zinali m'mbali, zimanyanya akayang'ana patali ndiponso akaponya maso kumanzere, pomwe foni amawerenga popanda vuto. Ameneyo ndi mtsempha wa nambala 6 wa kumanzere, ntchito yake ndi kukokera diso kunja, ukafooka diso limakanika kupita kumbali ya khutu. Wa nambala 4 umadziwika mwa njira ina, zithunzi zimakhala china pamwamba pa chinzake, munthu amavutika potsika masitepe kapena powerenga, ndipo amayamba kupendeketsa mutu osazindikira. Umenewu umakonda kuvulala munthu akamenyetsa mutu, nde ngati munagwa pa sikafodi kapena anakuchitani chiwembu n'kukumenyani pankhope, nenani, chibakera cha padiso chimathanso kuswa kafupa kapansi pa diso n'kupana mnofu.

Funso lina lomwe anthu salilabadira ndi loti kodi zimasintha ndi nthawi? Pali nthenda ina yotchedwa mayasiteniya gulavisi, pomwe chitetezo cha m'thupi chimasokoneza polumikizana mtsempha ndi mnofu. M'mawa munthu amadzuka ali bwinobwino, pofika madzulo chikope chagwa, zinthu ziwiriziwiri, akagona pang'ono zimachepa. Chifukwa choti zimabwera n'kupita, ambiri amati ndi kutopa kwa ma shifiti a usiku, ena mpaka amaganiza zoti wina wawachita chipongwe kumudzi. Ngati ndi choncho jambulani nkhope yanu pa foni m'mawa ndi madzulo mukawonetse dokotala, chifukwa mutha kufika mu chipinda chake pa nthawi yomwe diso lili bwino. Nthendayi ili ndi mankhwala, koma ikafika poti kumeza kukuvuta, mawu akutuluka ngati a m'mphuno kapena mpweya ukuperewera, thamangani ku kajuwaliti, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi.

Mupite kuti, ndipo mukayembekezere chiyani

Ngati pali chizindikiro choopsa chilichonse mwa zija, lunjikani ku kajuwaliti ya chipatala chachikulu chomwe muli nacho pafupi, monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph cha ku Auckland Park kapena Bara ku Soweto. Ku Bara komweko kulinso St John, chipatala cha maso. Ngati palibe choopsa, pitani ku kiliniki kapena kwa dokotala tsiku lomwelo akulembereni kalata yotumizira, ndipo pa windo musangoti maso akundivuta, adzakuyikani pa mzere wa magalasi. Nenani kuti ndayamba kuwona ziwiriziwiri mwadzidzidzi tsiku lakutilakuti, ndikatseka diso limodzi zimasiya. Ndikudziwa kuti ambiri timaopa zipatala chifukwa cha nkhani ya mapepala, ndipo manthawo ndimawamvetsa, koma gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse chomwe muli nacho, kakhadi ka ku kiliniki ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mukumwa. Musayendetse nokha, ndipo ngati ntchito yanu ndi ya pamakwerero kapena pa makina odula, iyambe yaima.

Dokotala adzakuuzani kuti mutsatire chala kapena tochi ndi maso mutu osagwedeza, adzawunika timwanadiso, adzayang'ana kumbuyo kwa diso ngati mtsempha wowonera watupa, kenako bipi, shuga ndi magazi. Ena amawayezanso chithokomiro poti nacho chimatupitsa timinofu ta maso mpaka maso kutong'oka. Ngati mwapitirira zaka 50 ndipo mukumva kuwawa m'mbali mwa mutu kapena nsagwada zimatopa potafuna, nenani msanga, pali kutupa kwa mitsempha ya magazi komwe kungaphe diso m'masiku ochepa ngati mankhwala achedwa.

Achimwene aja anawapeza ndi shuga wa 19 ndi bipi ya 170 pa 100, zonse samadziwa kuti ali nazo, amangodabwa kuti ludzu lachuluka komanso usiku akumadzuka kangapo kukataya madzi. Sikani ya mutu inatuluka bwino. Chomwe chinachitika n'choti shuga ndi bipi zinatseka timitsempha ta magazi ting'onoting'ono todyetsa mtsempha wa nambala 6 uja, nde unakomoka kaye. Mtundu umenewu nthawi zambiri umachira wokha pa miyezi ngati 3, bola shuga ndi bipi zigwiridwe. Anawayambitsa mankhwala, ndipo pa magalasi awo aja tinamata tepi yosawonekera bwino mbali imodzi kuti azitha kuyenda osapunthwa, kwa munthu wamkulu kutseka diso choncho sikuliwononga. Ena amawamatira kapulasitiki kokhotetsa kuwala pa galasi, kotchedwa pulizimu, kamene kamabweretsa zithunzi ziwirizo pamodzi.

Abwana awo anawasinthira ku ntchito yolongedza katundu mu sitolo mpaka adokotala atavomereza zoyendetsanso. Pano adutsa sabata 5, akuti maloboti aja ayamba kuyandikirana, ndipo tsiku lobwerera ku chipatala analilemba pa khoma. Ndinawatsindikira kuti akangowona chikope chikugwa, mutu ukuwawa mwachilendo, diso linalo layambanso, kapena miyezi 3 yakwana zisanathe, asadikire tsiku la pa khomalo, abwerere kuti akawunikidwenso ndi sikani ina.