Nyimbo Yomwe Inkameza Mawu a Wolankhula

Kanema wina amene ndinkakonza ankamveka bwino pa mahedifoni, koma pa sipika ya foni nyimbo yapansi inkameza mawu a wolankhula. Nditaichepetsa yonse, inkangoti zii m'malo opanda mawu.

Ndinayamba ndi mawu okhaokha, nyimbo nditazimitsa, n'kuwafikitsa pa -16 LUFS, muyeso wa kukwera kwa mawu. Kenako ndinaika kompuresa, chida chochepetsa kukwera kwa phokoso, pa nyimbo kuti izimvera mawu kudzera pa Sidechain: munthu akayamba kulankhula nyimbo imatsika yokha, akasiya imakweranso. Ndinaichuna kuti polankhula nyimbo izikhala madesibelo 18 mpaka 20 pansi pa mawu.

Chovuta chinali Release, nthawi imene nyimbo imatenga kuti ikwerenso munthu akasiya kulankhula. Pa mamilisekondi 100 nyimbo inkadumphadumpha pakati pa liwu ndi liwu ngati munthu wa befu. Nditafikitsa pa 500, inayamba kudikira kuti chiganizo chithe. Attack, nthawi imene nyimbo imatenga kuti itsike, ndinaisiya pa mamilisekondi 10, kuti liwu loyamba lisamezedwe.

Gitala ankalimbanabe ndi mawu, choncho pa EQ ya nyimbo, chida chokweza kapena kutsitsa madera a kamvekedwe, ndinadulako madesibelo 3 cha pa 2.5 kHz, dera limene khutu limasiyanitsira zilembo. Ndikanatha kungosankha nyimbo ina, koma mwini kanema ankaikonda imeneyi. Pa foni paja, liwu lililonse linamveka.