Momwe ndinakonzera keke youma posintha makapu kukhala magalamu

Keke yanga inkatuluka youma ndiponso yolimba ngakhale ndinkatsata malangizo ochokera ku Amereka, amene ankafuna makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya shuga ndi masupuni aakulu anayi a batala. Ndinkayeza ndi kapu yomwera tiyi, ndipo ufa ndinkautapa m'thumba mwenimweni, zimene zinkachititsa kuti utsindirike.

Nditagula sikelo yaing'ono, ndinayamba kulemba miyeso yonse papepala ndisanayatse uvuni. Kapu ya ku Amereka ndi mamililita pafupifupi 240, pamene supuni yaikulu ndi mamililita pafupifupi 15. Pa mkaka ndi mafuta, manambala amenewa ndi okwanira.

Zouma ndiye zimavuta, chifukwa kapu imayeza malo amene chinthu chatenga, osati kulemera kwake. Kapu ya ufa wothiridwa ndi supuni, wosatsindira, imalemera magalamu pafupifupi 125, koma ya shuga woyera imafika 200. Choncho ndinayeza ufa magalamu 250, shuga 200 ndi batala 57, popeza supuni yaikulu ya batala ndi magalamu 14 ndi pang'ono. Nditayeza makapu anga awiri akale aja pasikelo, ufa unapitirira magalamu 300, ndipo keke ya magalamu 250 inatuluka yofewa.