Momwe mungayankhire mlendo amene mwamulembera tsiku lolakwika lofika pagesitihausi

Amalawi ambiri ku Joni kuno tikugwira ntchito m'magesitihausi ang'onoang'ono, a zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, komwe munthu mmodzi ndiye woyala mabedi, wolandira alendo komanso woyankha mauthenga pafoni. Pamalo otere kulakwitsa tsiku sikuchedwa. Tiyeni titenge nkhani imodzi tiyende nayo mpaka kumapeto.

Mayi wina wa ku Blantyre wabukitsa chipinda ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo. Akufuna kufika pa 3 Epulo 2026 n'kugona masiku atatu, pa R650 usiku umodzi. Dipoziti ya R650 walipira kale. Kalata yotsimikizira yomwe mwamutumizira ikunena kuti afika pa 4 Malichi. Ndiye walemba pa WhatsApp: "Koma abale, ine ndinati Epulo. Za Malichi zachokera kuti? Tikiti ndagula kale."

Choyamba, musayankhe zonse nthawi yomweyo, komanso musakhale chete. Munthu amene waona kuti uthenga wake wawerengedwa koma osayankhidwa amayamba kuganiza kuti waberedwa dipoziti. Mulembereni mwachidule: "Mayi, uthenga wanu ndauona. Ndikuyang'ana m'buku pompano, ndikuyankhani pasanathe mphindi 20." Mukatchula mphindi 20, zikhaledi 20.

Kenako bwererani pa uthenga woyamba wa mayiyo muone zomwe analemba. Nthawi zambiri vuto limakhala pa manambala. Ku Malawi tikalemba `03/04` timatanthauza 3 Epulo, tsiku patsogolo mwezi pambuyo. Ku Amereka amayambira mwezi, ndipo `03/04` yomweyo imakhala 4 Malichi. Ngati kompyuta ya pamalo anu inatcheredwa mwa Chiamereka, Excel imawerenga tsikulo motero popanda kukuchenjezani. Mungazindikire bwanji? Masiku oyambira pa 13 kupita m'tsogolo satembenuka, chifukwa kulibe mwezi wa nambala 13. Ngati zolakwikazo zimangogwera masiku a 1 mpaka 12, gwero lake ndi limeneli.

Mukatsimikiza kuti mayiyo analemba bwino, musathamangire kupepesa musanaone ngati chipinda chilipo. Apa ndiye pagona nkhani. Tsiku la 3 Epulo 2026 ndi Lachisanu Loyera, ndipo nthawi ya Pasaka zipinda zimatha msanga. Popeza buku lanu limasonyeza kuti mayiyu abwera Malichi, n'kutheka kuti chipinda chake cha Epulo munapatsa kale munthu wina. Onani usiku uliwonse pawokha: Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu. Ngati chilipo, lembani dzina lake nthawi yomweyo, mufufute za Malichi zija kuti chipindacho chigulitsidwe. Ngati anabukitsa kudzera pa tsamba la pa intaneti, tsikulo lisinthidwenso komweko, apo ayi pa 4 Malichi adzalembedwa ngati mlendo amene sanafike, mwinanso kudulidwa ndalama.

Tsopano mungathe kulemba yankho lenileni. Lingakhale lotere:

"Mayi Uje, zikomo kwambiri potidziwitsa. Mukunena zoona, inu munapempha 3 Epulo ndipo tinalakwitsa polemba ndife. Pepani kwambiri chifukwa chokudetsani nkhawa. Takonza: mufika Lachisanu pa 3 Epulo 2026, kuyambira 2 koloko masana, ndipo mutuluka Lolemba pa 6 Epulo, masiku atatu. Mtengo ndi womwe uja, R650 usiku umodzi, zonse pamodzi R1 950. Dipoziti yanu ya R650 tinalandira, ndiye kwatsala R1 300. Kalata yatsopano ndi iyi, yakale ija muitaye. Mukaiona tiuzeniko ngati zonse zili bwino, komanso nthawi yomwe mukuyembekeza kufika."

Taonani kuti kupepesa kwabwera kamodzi kokha. Ena amalemba "pepani" kasanu, mpaka tsiku lolondola limasowa pakati pa mapepaniwo, chonsecho mlendo akufuna kuona tsiku lake. Taonaninso kuti mwezi walembedwa m'mawu, ndipo dzina la tsiku lili pomwepo. Munthu akaona "Lachisanu" amafananitsa ndi tikiti yake, ndipo pakakhala cholakwika china amachigwira msanga.

Mawu omwe ine sindifuna kuwaona m'yankho lotere ndi akuti "yalakwitsa ndi kompyuta" kapena "analemba ndi mnzanga amene anali pantchito tsiku lija". Mwina ndi zoona, koma mlendoyo sanapangane ndi kompyuta. Anapangana ndi nyumba yanu. Mawu akuti "tinalakwitsa ndife" amathetsa mkangano usanayambe. Ndipo mtengo musausunthe. Ngakhale kuti pa Pasaka mumakweza, mayiyu anauzidwa R650 pa masiku omwewo, ndiye kumuwonjezera tsopano kuli ngati kumulipiritsa chifukwa cha kulakwa kwanu.

Nanga chipinda chikapezeka kuti chinapita kale? Apa dziwitsani eni malo musanalonjeze chilichonse, chifukwa pakhudza ndalama zomwe si zanu. Yang'anani ngati pali chipinda chachikulu chomwe mungamupatse pamtengo wakale. Ngati nyumba yonse yadzaza, imbirani magesitihausi oyandikana nawo, mupeze chipinda chofanana ndi chanu, kenako ndi pomwe mumuimbire mayiyo. Nkhani yotere imafunika mawu apakamwa, uthenga wolemba uzibwera pambuyo ngati umboni. Muuzeni chilungamo: "Mayi, chifukwa cha kulakwa kwathu chipinda chanu chinapatsidwa kwa wina. Takupezerani china mumsewu wathu womwewu, ndipo ndalama yoonjezera tilipira ndife. Ngati simukufuna, tikubwezerani dipoziti yonse lero. Musankhe ndinu." Lamulo loteteza ogula la dziko lino, la m'chaka cha 2008, pagawo 47 limanena za amene walandira bukingi n'kulephera kupereka zomwe analonjeza: ayenera kubweza ndalama pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo angafunikenso kulipira zomwe wogulayo wataya mwachindunji, pokhapokha ngati anamupezera zina zofanana nazo. Choncho kusunga dipoziti pa vuto loti mwalichititsa nokha musakuganizire n'komwe.

Zimachitikanso kuti mukabwerera pa uthenga woyamba mumapeza kuti analakwitsa ndi mlendoyo. Musamuyalutse. Mutumizireni chithunzi cha uthenga wake uja ndi mawu ofatsa: "Mayi, pa uthenga womwe tinalandira panali 4 Malichi, n'chifukwa chake tinalemba choncho. Palibe vuto, tiyeni tikonze. Mukufuna 3 Epulo eti?" Apa simukuyenera kuvomera mlandu womwe si wanu, koma chipindacho mumufunirabe.

Funso lomaliza lija, la nthawi yofika, musalisiye. Wobwera pabasi kuchokera kumudzi amatha kuchedwa pachipata cha Beitbridge n'kufika ku Park Station usiku kwambiri. Ndipo munthu akanena kuti afika 1 koloko usiku pa 4 Epulo, chipinda chomwe akufunika ndi cha usiku wa pa 3, chifukwa cha pa 4 chimatsegulidwa 2 koloko masana. Mufotokozereni zimenezi pasadakhale, mumpatsenso nambala ya amene adzatsegule geti.

Mayiyo akayankha kuti "zili bwino", sungani uthengawo pamodzi ndi kalata yatsopano. Kukatsala masiku awiri, Lachitatu pa 1 Epulo, mukumbutseni: "Mayi, tikukudikirani mkuja Lachisanu. Muyende bwino." Ndipo lero lomwe, musanaweruke, tsegulani buku muone alendo ena onse omwe masiku awo ofika ali pakati pa 1 ndi 12, muwafananitse ndi mauthenga awo oyamba mmodzimmodzi.